Mango ndi zakumwa za m'botolo: kodi chiwindi chimaziona mofanana?

Funso: Ndili ndi zaka 44, mowa sindimwa, koma atandipanga sikani andiuza kuti chiwindi changa chili ndi mafuta. Ndimayendetsa minibasi, ndiye patsiku ndimamwa mabotolo awiri aja a 500 ml a zoziziritsa kukhosi, kuphatikiza tiyi kawiri, masupuni atatuatatu a shuga. Mnzanga wina akuti ndisiyenso mango ndi nthochi chifukwa shuga wa m'zipatso, fulakitozi, ndi yemweyo amene amaononga chiwindi. Ndiye ndisiye zonse?

Yankho: Ayi achimwene, zipatso musasiye. Zoti musiye ndi mabotolo awiriwo. Mnzanuyo sananame kwenikweni, wangonena theka la nkhani, chifukwa ndi zoona kuti fulakitozi wa m'bango ndi fulakitozi wa m'botolo ndi chinthu chimodzimodzi, ngakhale mutapita nawo ku labu simungawasiyanitse. Chimene chimasiyana ndi kuchuluka kwake komanso liwiro limene amafikira kuchiwindi, ndipo kwa chiwindi zinthu ziwiri zimenezi ndiye nkhani yonse.

Tiyambe ndi shuga amene mumathira mu tiyi uja, wa nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Dzina lake ndi sukulozi, ndipo kambewu kalikonse ka shuga ameneyu ndi mitundu iwiri ya shuga yomatana, gulukozi ndi fulakitozi, theka ndi theka. Akangofika m'matumbo amadulidwa pakati, awiriwo nkulowa m'magazi aliyense payekha. Mwina munamvapo za shuga wa madzimadzi wochokera ku chimanga amene amathira m'zakumwa ku America, anthu amamuopa kwambiri, koma iyeyo fulakitozi wake amakhala pafupifupi 55 peresenti pamene wa nzimbe ndi 50 peresenti, ndiye musadzinamize kuti wathu wa nzimbeyu ndi wachilengedwe sapweteka, kusiyana kwake nkochepa zedi.

Tsono tiwerenge zanuzo. Zakumwa zambiri za mtundu umenewu zimakhala ndi shuga wokwana magalamu 10 kapena 11 pa 100 ml iliyonse, zina kuposa pamenepo, mutha kuona nokha pa lebulo pamene alemba kuti "sugars". Botolo la 500 ml ndiye kuti lili ndi magalamu pafupifupi 53, ndipo poti kasupuni ka tiyi kosadzadza mpaka phiri ndi magalamu 4, ndiye masupuni 13 m'botolo limodzi. Awiri ndi magalamu 106. Tiyi wanu, masupuni 6 patsiku, ndi magalamu 24, ndipo ndikudziwa kuti masupuni athu ambiri amakhala a phiri koma tiyeni tingowerenga choncho. Zonse pamodzi magalamu 130 a shuga wothira, ndipo theka lake, magalamu 65, ndi fulakitozi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse mu 2015 linanena kuti shuga wothira asamapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya, kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50 patsiku, ndipo linati ndi bwino kwambiri kutsika mpaka 25. Inu botolo loyamba lokha mwadutsa kale malire tsiku lisanapite patali.

Nanga bango? Mukachotsa khungu ndi nthangala, mango athu aang'onoang'ono aja amatsala ndi mnofu wa magalamu mwina 100, ndipo mmenemo muli shuga magalamu 14, fulakitozi wake ngati 7 kapena 8. Nthochi yapakatikati shuga wake ndi 14 omwewo, lalanje limodzi 12, gwafa ndi papaya ndiye zocheperapo, magalamu 8 kapena 9 pa magalamu 100 alionse. Kuti mufike pa shuga wa botolo limodzi muyenera kudya mango anayi kapena malalanje anayi ndi theka, ndipo kuti mufike pa magalamu 130 anu aja ndi mango 9 tsiku lililonse chaka chonse. Botolo mumalimaliza mukudikira kuti minibasi idzadze, mwina mphindi zisanu sizikwana ngati kukutentha, pamene malalanje anayi muyenera kusenda, kutafuna, kulavula nthangala, ndipo anthu ambiri akafika pa lachitatu amakhala atakhuta. Izi anaziyesa kale ku Britain mu 1977, anapatsa anthu maapozi athunthu, maapozi ogaya ndi juwisi wa maapozi, shuga wake wofanana, ndipo juwisi ankatha mofulumira kuwirikiza ka 11 kuyerekeza ndi zipatso zathunthu, komanso omwa juwisiwo njala inkawabwerera msanga.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, pa zimene zimachitika m'kati, chifukwa mukazimvetsa palibenso amene angakusokonezeni.

Magazi onse ochokera m'matumbo sapita molunjika ku mtima ayi, amayamba adutsa kaye kuchiwindi kudzera mu mtsempha umodzi waukulu, ndiye chiwindi chili ngati rodibuloko, chilichonse chimene mwadya chiyenera kuima pamenepo. Gulukozi akafika, chiwindi chimatengako gawo lina basi, wambiri chimamulola kuti adutse, chifukwa gulukozi ali ndi makasitomala thupi lonse, ubongo ukumufuna, minofu ikumufuna, ngakhale maselo a magazi amadya yemweyo, ndipo insulini, timadzi timene kapamba amatulutsa, amathandiza kumulowetsa m'minofu. Komanso m'kati mwa chiwindi, pa njira imene gulukozi amaphwanyidwira pali enzayimu ina, kanthu ka m'maselo koyendetsa ntchito yosintha zakudya, imene imagwira ntchito ngati buleki, maselo akakhala kuti mphamvu ali nazo zokwanira imatseka njira, kuti basi zakwana.

Fulakitozi ndi wosiyana. Minofu ndi ubongo sizimugwiritsa ntchito kwenikweni, ndiye amene wafika kuchiwindi pafupifupi yense amatsitsidwa pomwepo. Pali enzayimu yotchedwa fulakitokineze imene imamugwira mwachangu kwambiri ndipo simvera zoti maselo akhuta kapena ayi, komanso njira yake imakalowa kutsogolo kwa buleki uja, ndiye palibe chomuimitsa. Zili ngati kondakitala amene akungokweza anthu osayang'ana ngati mipando yatha. Chiwindi chiyenera kuona chochita ndi katundu yense walowayo. Wina chimamusandutsa gulukozi nkumutumiza m'magazi, wina chimamusunga ngati gilayikojeni, amene ali ngati nkhokwe yake ya shuga, wina amasanduka lakiteti, ndipo wina chimapanga naye mafuta. Nkhokwe ija ndi yaing'ono, imasunga magalamu pafupifupi 100 basi, ndipo kwa munthu amene wadya nsima yake bwinobwino nkukhala pampando tsiku lonse imakhala yodzadza kale, ndiye njira ya mafuta ndi imene imatseguka kwambiri. Mafuta amenewa ena amatumizidwa m'magazi, ndi amene amakweza mafuta a m'magazi aja amatchedwa thirayigilisaraidi, ena amatsalira m'maselo a chiwindi momwemo ngati timadontho. Timadontho timeneti tikapitirira 5 peresenti ya chiwindi ndi pamene timati chiwindi chili ndi mafuta, ndipo ndi zimene sikani yanu yaona, chiwindi chimaoneka chowala kwambiri kuposa impso imene chayandikana nayo.

Ndinene chilungamo apa kuti ndisakuopsezeni mopitirira. Pa botolo limodzi, gawo la fulakitozi limene limasanduka mafuta nthawi yomweyo ndi laling'ono, ambiri amapita ku gulukozi ndi zina zija. Vuto ndi kubwerezabwereza, chifukwa fulakitozi akamafika wambiri tsiku ndi tsiku amachititsa chiwindi kuchulukitsa maenzayimu opangira mafuta, ndiye chimazolowera, chimayamba kupanga mafuta ambiri ngakhale kuchokera ku zakudya zina. Ndipo musaiwale theka lina lija, gulukozi wa m'botolo momwemo amakweza insulini, ndipo insulini naye amalamula chiwindi kuti chipange mafuta, ndiye awiriwa akabwera limodzi amathandizana. Ku Zurich mu 2021 anafalitsa kafukufuku wa anyamata athanzi 94, ena mwa iwo ankamwa zakumwa za shuga magalamu 80 patsiku kwa masabata 7, ndipo amene ankamwa za fulakitozi kapena za shuga wamba ngati wathuyu chiwindi chawo chinayamba kupanga mafuta kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi amene sankamwa, pamene a gulukozi yekha sizinasinthe chimodzimodzi. Onani kuti magalamu 80 ndi ochepa kuposa mabotolo anu awiri. Kafukufuku wina wa ku California wa mu 2009 anatenga anthu onenepa kale, kwa masabata 10, ena akumwa za fulakitozi ena za gulukozi, onse ananenepa mofanana koma a fulakitozi ndi amene mafuta anaunjikana kwambiri m'kati mwa mimba ndipo thupi lawo linayamba kusamvera bwino insulini, kumene ndi kuyamba kwa njira yopita ku matenda a shuga. Kungoti mlingo umene anawapatsa unali waukulu kwambiri, gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu za tsiku lonse.

Pali kenanso kakang'ono. Enzayimu yothamanga ija ikamagwira fulakitozi imadya mphamvu za selo mofulumira, ndipo zotsalira zake zimasanduka yuriki asidi, yemwe uja amayambitsa gauti, chala chachikulu chakuphazi kutupa usiku mpaka osafuna kuti bulangete likhudze. Anthu amadziwa za nyama yofiira ndi mowa koma za zakumwa zotsekemera ambiri sadziwa.

Nanga bwanji fulakitozi wa bango sachita zomwezo? Choyamba ndi mlingo umene tawerenga uja, magalamu 7 a fulakitozi wa m'bango si magalamu 26 a m'botolo limodzi. Chachiwiri ndi chakuti shuga wa m'chipatso ali m'kati mwa maselo a chipatsocho, wotsekeredwa ndi makoma a fayiba, ndiye mano ayenera kuphwanya, m'mimba muyenera kugaya, ndipo fayiba wina akasakanikirana ndi madzi amakhala ngati thelere, amachedwetsa chakudya kutuluka m'chifu, shuga nkumatuluka pang'onopang'ono. M'botolo mulibe khoma lililonse, ndi madzi a shuga basi, amadutsa m'chifu mwachangu nkufika m'matumbo onse nthawi imodzi.

Ndipo kuchedwa kumeneku kuli ndi phindu limene ife tinalidziwa bwino posachedwapa. Kale tinkaphunzitsidwa kuti fulakitozi yense amapita kuchiwindi, koma mu 2018 akatswiri a ku yunivesite ya Princeton anaonetsa kuti matumbo aang'ono nawo ali ndi enzayimu yomwe ija, ndipo fulakitozi akabwera wochepa matumbowo amamusandutsa okha kukhala gulukozi ndi zinthu zina, pafupifupi 90 peresenti, chiwindi nkungolandira kochepa chabe. Akabwera wambiri nthawi imodzi matumbo amalephera, wosefukirayo amapita kuchiwindi, wina amatsikira m'matumbo aakulu kumene mabakiteriya amamudya nkutulutsa asidi wina amene chiwindi chimathanso kupanga naye mafuta. Anaonanso kuti matumbo amagwira bwino ntchito imeneyi ngati m'mimba muli kale chakudya. Kafukufuku ameneyu anachitika pa mbewa za mu labu, ndiye manambala ake sitingawasamutsire kwa munthu ndendende, koma akugwirizana ndi zimene timaona mwa anthu. Taganizani mvula yowaza tsiku lonse imene imalowa pansi, ndi mvula ya madzi omwewo yogwa mphindi khumi imene imakokolola mizere. Botolo lanu la m'mawa lija, limene mwina mumamwa ndi sikono kapena popanda kanthu m'mimba, ndiye mvula yachiwiriyo.

Tikayang'ana anthu ambirimbiri kwa zaka zambiri chithunzi ndi chomwecho. Ku China anatsatira anthu pafupifupi theka la miliyoni, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2017 zinaonetsa kuti amene ankadya zipatso tsiku lililonse ankadwala matenda a shuga mocheperapo, ndi 12 peresenti, kuposa amene sankadya kawirikawiri. Ku America nako mu 2013 anapeza kuti zipatso zathunthu zimayenda ndi chiopsezo chochepa, pamene juwisi wa zipatso amayenda ndi chiopsezo chokwererapo. Kafukufuku wa mtundu umenewu satsimikiza kuti chipatsocho ndicho chateteza, chifukwa odya zipatso amakhalanso ndi makhalidwe ena abwino, koma chimene amationetsa mosakayikitsa nchakuti odya zipatso sakudwala kwambiri ngati mmene zikanakhalira mnzanu uja akanakhala kuti walondola.

Za juwisi zija mundimvetse bwino, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amene ndimawalangiza amagwera. Munthu amasiya zoziziritsa kukhosi nkuyamba kugula juwisi wa m'katoni wolembedwa 100 peresenti, kumadziona kuti wasintha, chonsecho juwisi wa malalanje kapena maapozi ali ndi shuga magalamu 8 mpaka 11 pa 100 ml, pafupifupi chimodzimodzi ndi chimene wasiya chija, ndipo fayiba anatsala ku fakitale. Mavitamini alimo inde, koma chiwindi chimalandira chigumula chomwe chija, nchifukwa chake malire a magalamu 50 aja amawerengeramo juwisi ndi uchi womwe, koma sawerengera chipatso chathunthu. Chimodzimodzi sikwashi wosungunula, mafirizi, maheu a m'botolo, zakumwa zopatsa mphamvu zimene madalaivala ambiri mumakonda, thobwa limene amathiramo shuga wambiri, ngakhale juwisi wa malambe kapena bwemba, poti zipatso zimenezi nzowawasa ndiye ogulitsa amathira shuga wochuluka kuti zimweke. Malambewo alibe mlandu, ndi shuga wothirayo. Nzimbe zili pakatikati, madzi ake ndi shuga weniweni ndipo zotsalira mumalavula, chimene chimakupulumutsani ndi chakuti kutafuna kumachedwa, ndiye mfundo ziwiri zitatu mwa apo ndi apo palibe vuto, koma osati mtengo wonse tsiku ndi tsiku.

Zipatso nazo zili ndi malire ake, sindikubisirani. Nyengo ya mango, Novembala mpaka Januwale, pali anthu amakhala pansi ndi beseni lonse, mango 10 kapena 15 nthawi imodzi, amenewo ndi magalamu 140 mpaka 210 a shuga, pamenepo fayiba sangakupulumutseni ndipo nthawi zambiri m'mimba mumatupa kapena kutsegula chifukwa matumbo alephera kuyamwa fulakitozi yense. Kwa inu ndinganene zipatso ziwiri kapena zitatu patsiku, zomwazikana, china m'mawa china masana, makamaka mukatha kudya, ndipo muzisinthasintha ndi magwafa amene fayiba wake ndi wambiri zedi, mapapaya, manachesi, masuku, chilichonse chimene chili pa nyengo yake. Ngati atakupezani ndi matenda a shuga zipatso simusiyabe koma mlingo mumakambirana ndi akuchipatala, ndipo amene ali ndi vuto la impso ndiye nthochi ndi malalanje ayenera kufunsa kaye chifukwa cha potaziyamu.

Ndiye muchite chonchi. Mabotolo awiri aja achoke, ngati kusiya kamodzi kukuvuta yambani ndi kuchotsa limodzi sabata ino, linalo sabata yachiwiri kapena yachitatu, ndipo m'galimoto muzikhala botolo lalikulu la madzi, chifukwa nthawi zambiri chimene chimakugulitsani chakumwa pa siteji ndi ludzu chabe. Masiku oyamba mutu ukhoza kuwawa, makamaka ngati mumamwa zakuda zija zokhala ndi kafeini, zimatha pasanathe sabata kapena kupitirira pang'ono. Tiyi mutsitse supuni imodzi pa masabata awiri alionse mpaka mufike pa imodzi, lilime limazolowera. Mukatero shuga wothira atsika kuchoka pa magalamu 130 kufika pa 8, ndipo ngakhale mutadya mango awiri ndi nthochi imodzi, amene ndi magalamu 42, fulakitozi wa tsiku lonse akhala ngati 25 m'malo mwa 65, wobwera pang'onopang'ono. Mabotolo okhawo anali kukupatsani makalori oposa 400 patsiku amene sanali kukukhutitsani nkomwe, nsima munali kudyabe yomweyo.

Chiwindi chimayankha msanga kuposa mmene anthu amaganizira. Ku San Francisco anatenga ana onenepa kwambiri nkuwachotsera shuga wambiri wothira kwa masiku 9 okha, m'malo mwake nkuwapatsa zakudya zokhutitsa, ndipo mafuta a m'chiwindi anatsika kuchoka pa 7.2 peresenti kufika pa 3.8. Kwa munthu wamkulu musayembekezere liwiro lomwelo, koma ngati muli onenepa, kutsitsa thupi ndi 5 peresenti kumachepetsa mafuta a m'chiwindi, ndipo 7 mpaka 10 peresenti kumathandizanso ngati chiwindicho chayamba kutupa. Ngati mumalemera makilo 90 ndiye tikunena makilo 5 mpaka 9, pang'onopang'ono m'miyezi ingapo, osati kudzipha ndi njala. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku ambiri pasabata kumathandiza ngakhale sikelo isanasunthe, chifukwa minofu ikagwira ntchito imakoka shuga ndipo nkhokwe ija imapeza malo. Ndiwo zamasamba zichuluke, mitanda ya nsima ichepeko pang'ono, mandasi ndi tchipisi zokazinga za pa siteji zikhale za mwa apo ndi apo, pakuti shuga si yekha amene amadzadza chiwindi, chakudya chilichonse chopitirira chimene thupi likugwiritsa ntchito chimathandizira.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa funso lanu nchakuti mwangotchula sikani yokha. Chiwindi cha mafuta nthawi zambiri sichipweteka, munthu amatha zaka osamva kanthu, ndipo ambiri chimangokhala choncho osafika poipa, koma kwa ena chimatupa, kenako nkuyamba zipsera, mapeto ake nkuuma, ndipo sikani wamba sionetsa bwino kuti inu muli pati. Mukabwerera kuchipatala mupemphe akuyezeni magazi a chiwindi, pa pepala mudzaona ALT ndi AST, komanso shuga wa m'magazi musanadye kanthu, mafuta a m'magazi ndi kuthamanga kwa magazi, chifukwa zinthu zimenezi zimakonda kuyendera limodzi. Mupemphenso kuyezedwa hepataitisi B, kuno kwathu alipo wambiri ndipo munthu amatha kukhala naye osadziwa, ndiye tisamangoloza shuga chala pamene pali china chikudya chiwindi mwakachetechete. Muwauze mankhwala onse amene mukumwa, a kuchipatala ndi azitsamba omwe, ndipo chonde musagule zija amati zotsuka chiwindi, palibe chimene zimatsuka ndipo zina mwa izo ndi zimene zimachipweteka. Mukaona maso achita chikasu, mimba kapena miyendo ikutupa, chimbudzi chakuda bii kapena kusanza magazi, musadikire tsiku limene anakupatsani, pitani tsiku lomwelo. Ngati zonse zili bwino, muyeze m'chiuno ndi tepi pa mchombo lero lomwe, mulembe nambalayo penapake, ndipo pakatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi mukayezetsenso magazi aja kuti muyerekeze ndi oyamba.